Chenjezo: "Kuno kwathu" si malo, ozimitsa moto sangakupezeni

Abale anga okhala mu Blantyre, ndikudandaula ndi mmene ambiri a inu mukuimbira foni pakagwa ngozi. Nyumba ikuyaka, munthu waimba 999, akufunsidwa komwe ali, iye n'kumangokuwa kuti, "Kuno ku Ndirande, pafupi ndi tchalitchi, fulumirani!" Kenako wadula. Ndirande yake iti? Goliyo, Malabada, Chinseu kapena Makata? Nanga matchalitchi mu Ndirande alipo angati? Mawa lake ndi inu nomwe mudzaime pa phulusa n'kumanena kuti ozimitsa moto anachedwa, chikhalirecho munawasocheretsa nokha.

M'makwalala athu ambiri mulibe dzina la msewu kapena nambala ya nyumba, ndiye pakamwa panu ndiye mapu. Kaya mwaimba 997 ku polisi, 998 kufuna ambulansi kapena 999 ya moto, yambani ndi chachikulu, muzitsika pang'onopang'ono. Tchulani kaye kuti muli mu Blantyre. Musaone ngati n'zachibwana, chifukwa mukati "Area 10" wina aganiza za ku Lilongwe pomwe inu mukunena ku Machinjiri. Kenako tchulani dera, kachigawo kake, ndipo pomaliza chinthu chimene mlendo angachione ali m'galimoto: msika, sukulu, mlatho, siteji ya minibasi, kiyosiki ya madzi. "Pa mtengo wa mango" kapena "kwa amayi ogulitsa mandasi" mukudziwako ndinu ndi anansi anu basi, ndipo usiku amayiwo amakhala atagona.

Pomwe ambiri mumalakwitsa ndi pa kumanja ndi kumanzere. Kumanja kwa munthu wochokera ku tauni ndi kumanzere kwa wochokera ku phiri. Choncho nenani kaye mbali imene dalaivala akuchokera. Mwachitsanzo: "Kuli moto wa nyumba ku Ndirande, mu Blantyre. Mukachokera ku Ginnery Corner, pitirirani msika waukulu, mukhotere kumanzere pa msewu wafumbi wachiwiri. Mupeza kiyosiki ya madzi, galimoto yaikulu imathera pomwepo. Kuchoka apo ndi kuyenda pansi mphindi ziwiri kutsetsereka. Mnyamata wa malaya oyera waima pa tala ndi tochi." Mawu ochepa amenewa amuuza dalaivala njira, pothera galimoto, ndi munthu womulandira.

Za pothera galimotozi musabise. Galimoto yozimitsa moto ndi yaikulu komanso yolemera ndi madzi, singadutse pa kamlatho ka matabwa kapena pa kanjira kamene mwamangapo mipanda mbali zonse. Akadziwa msanga angathe kusankha njira ina. Ndipo munthu amene mwamutuma ku msewuyo asachokepo kuti akaonerere moto! Aime pomwepo mpaka afike.

Nanga ngati mwasochera, kaya pa phiri la Michiru kapena la Soche, kapena m'dera lachilendo usiku? Choyamba, lekani kuyendayenda, chifukwa mukasuntha mutaimba kale, adzakufunani pomwe mulibe. Nenani malo omaliza amene mukuwadziwa, mwayenda nthawi yaitali bwanji kuchokera apo, ndipo munali kukwera kapena kutsika.

Ngati muli ndi foni yamakono, yatsani Location, tsegulani Google Maps, sindikizani chala kwa kanthawi pambali pa kadontho ka buluu kosonyeza pomwe muli. Muona manambala awiri onga -15.7861, 35.0058. GPS, imene foni imadziwira pomwe muli, simafuna bandulo, ngakhale chithunzi cha mapu chingakane kutseguka. Imani poyera, osati m'nyumba ya malata, mudikire pang'ono kuti kabwalo kozungulira kadonthoko kachepe. Kakakhala kakakulu ndiye kuti foni ikungoyerekeza.

Werengani manambalawo limodzilimodzi, ndipo wolandirayo abwereze. Kamzere kochotsera kali kutsogoloko musakasiye, kamasonyeza kuti tili kummwera kwa dziko lapansi. Mukakasiya, manambala omwewo aloza ku Sudan. Musadulenso manambala a pambuyo pa kadontho ka pakati pa manambalawo pofuna kufulumira. Mukanena awiri okha, malowo angaphonyeke ndi mamita mazanamazana, koma anayi amafikitsa munthu pa mamita pafupifupi khumi. M'Chilobwe kapena Mbayani, mmene nyumba zathithikanira, kusiyana kumeneku ndi nyumba zosawerengeka. Ngati wolandira foniyo sangathe kugwiritsa ntchito manambala, mufunseni nambala ya WhatsApp ya amene akubwera kuti muwatumizire Location, koma izi zokha zimafuna bandulo.

Mukamaliza, perekani nambala yanu, musadule mpaka atakuuzani, ndipo foniyo isiyeni ipume. Dalaivala akafika pa mphambano n'kusokonezeka adzaimba nambala yomweyo. Asaipeze ili kalikiliki chifukwa mukudziwitsa achibale a ku Lunzu kapena kujambula moto kuti muike pa Facebook. Achibalewo auzidwe pa foni ya munthu wina.