Laivu mpaka mawa, ati

Chinthu chotopetsa ndi ichi: watsegula akaunti ya YouTube, mwambo wayamba kale, ukufuna anthu aonere pompopompo, ukudina batani la laivu koma likukuuza kuti uyambe watsimikizira nambala ya foni kenako udikire mpaka maola 24. Maola 24! Pofika mawa mwambowo watha, anthu abalalika. Ukafuna kuulutsa pa foni ati ukhalenso ndi masabusikiraiba osachepera 50, ndiye umayamba kupempha abale kuti tadinani chonde.

Chifukwa chake ndikuchimva ndithu ngakhale chikundinyansa. Vidiyo yojambula kale amatha kuiunika isanafalikire, koma laivu ikuchitika nthawi yomweyo, akamati aitseke anthu aona kale. Mu 2019 wachiwembu wina anaulutsa laivu pa Facebook akupha anthu mumzinda wa Christchurch ku New Zealand, pambuyo pake Facebook inakhwimitsa malamulo a laivu. Palinso akuba otsegula maakaunti ambirimbiri n'kumaulutsa mpira wa eni ake kapena zachinyengo za ndalama, ukatseka ina atsegula ina. Nambala ya foni ndi kudikirako n'kofuna kuti kutsegula akaunti yatsopano kukhale kovuta, chifukwa nambala imodzi siingatsimikizire maakaunti osawerengeka.

Komabe wolangika ndi iwe wosalakwa. Ndiye dinani batanilo tsiku lomwe mwatsegula akaunti, musadikire tsiku la mwambo, nthawi iyambe kuwerengedwa. Ndipo ukalandira chilango chophwanya malamulo laivuyo amakulanda kwakanthawi, kaya masabusikiraiba uli nawo angati.