Kankhani ka chithunzi chokonzedwa pafoni: mathero ake sindinagwirizane nawo

Mwana wa achemwali anga wayamba kulemba nkhani zazifupi, ndipo sabata yatha ananditumizira imodzi pa WhatsApp kuti amalume ake ndiikepo mlomo. Ndamupempha kuti maganizo angawo ndiwanene poyera, iye wavomera, bola ndisamutchule dzina.

Nkhaniyo ili motere. Mnyamata wa ku Ndirande, satifiketi ya MSCE ili m'manja koma zaka zitatu ali pakhomo, akuona kuti sitolo ina ya m'tauni ikufuna munthu wolandira makasitomala, ndipo akuti wofunsira atumize ndi chithunzi chomwe. Pa tsaya lake pali chipsera cha ngozi ya njinga. Usiku akutenga foni, akufufuta chipseracho ndi ziphuphu, akuyeretsako khungu, kenako mutu wake akuuika pa suti ya munthu wina. Akumuitana ku intavyu. Atalowa, mayi wina mwa mabwanawo akukweza chithunzi, akumuyang'ana, n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi uyu ndi mkulu wanu?" Chipinda chonse chikufa ndi phwete, mnyamata akutuluka misozi ili chuchuchu. Yathera pomwepo.

Mpaka pamene akulowa m'chipindamo, mwanayu walemba bwino zedi. Pali pena pamene mnyamatayo akufufuta chipsera, n'kuchibwezeretsa, n'kufufutanso, batire ya foni itatsala pang'ono kutha, magetsi atazima. Pamenepo ndinamumvera chisoni. Koma mathero ndiye ayi. Ine ndakhalapo kangapo mbali inayo ya tebulo, pa kampani ina imene ndinkagwirako, ndipo sindinaonepo zikuyenda choncho.

Wolembayu akuganiza kuti mabwana amakhala akusilira chithunzi. Zoona zake n'zakuti chithunzi chimene munthu anachikonza usiku wonse chimafika kwa ofunsa mafunso chitadutsa m'makina a fotokope, chakuda ndi choyera, nthawi zina nkhope itathimbirira moti ungoona mano ndi kolala. Ntchito zake ndi ziwiri basi. Madzulo, mukamaliza kufunsa anthu khumi ndi awiri mitu ili wewewe, chimakukumbutsani kuti uja anayankha bwino za kasitomala wolusa anali uti. Ntchito ina ndiyo yolemera: kutsimikiza kuti amene wakhala pampandoyu ndi yemweyo ali pa chiphaso cha unzika, ndipo ndi yemweyo analemba mayeso oyamba a ntchitoyo. Kuyambira 2017 pamene anthu ambiri analembetsa ziphaso za NRB, chiphasocho chimakhala patebulo pomwepo, nkhope yake yosakonzedwa.

Ukadziwa zimenezi, uona kuti zinthu zimene mnyamatayo anachita sizilemera mofanana, pamene nkhaniyo yaziika m'thumba limodzi ngati tchimo limodzi.

Ziphuphu palibe amene amaziwerenga. Lero zilipo, mwezi wamawa zapita. Sutinso si nkhani. Ndani sadziwa kuti m'masitudiyo a zithunzi za pasipoti amakufunsa ngati ukufuna akuveke jekete pa Photoshop? Kale jeketeyo inkapachikidwa pa msomali kuseri kwa katani, imodzi yomweyo kuvala anthu onse, wonenepa ndi woonda. Imaoneka ndithu suti yomata, chifukwa pansi pa chibwano sipakhala mthunzi ndipo mutu umakhala ngati waikidwa pa mbale, koma timangomwetulira n'kupitirira.

Za khungu ndiye ndinakangana naye kwambiri mwanayu, chifukwa akuzitenga ngati kudzikana kokhakokha. Pali kusiyana. Munthu wakuda bii akaima kutsogolo kwa khoma loyera, kamera ya foni imayeza kuwala kwa khomalo n'kuchepetsa kuwala kwa chithunzi chonse, ndiye nkhope imatuluka yakuda kuposa mmene ilili, maso osaoneka. Amene wawonjezera kuwala kuti nkhope ioneke sananame, wakonza cholakwa cha kamera. Wonama ndi uja wapitiriza mpaka kusintha mtundu, ndipo amagwidwa ndi khosi ndi makutu, zimene zimatsala zakuda nkhope itayera, kapena khungu limasalala ngati kandulo, timabowo ta thukuta tonse titafufutika. Wolemba akanasonyeza mnyamatayo akudutsa malire amenewa pang'onopang'ono, chala chikukankha kamzere ka kuwala, akudziuza kuti akungokonza, nkhani ikanakoma kuposa.

Chimene chikanamupweteka mnyamatayo ndi chipsera. Chipsera sichichoka, ndipo ndi chimene diso la munthu wofananitsa nkhope limayamba kufuna. Pa chiphaso chilipo, pa tsaya chilipo, pa chithunzi cha kalata palibe. Ndiye chimachitika n'chiyani? Palibe amene amaseka. Palibenso amene amafunsa, chifukwa munthu wamkulu sangayambe kufunsa mwana wa eni za chipsera pamaso pa anzake. Amene waona amangokhala chete, n'kukoka satifiketi ija ya MANEB, n'kuyamba kuiyang'anitsitsa kuposa mmene anayang'anira za ena: dzina, chaka, ngati pali pamene pafufutidwa. Mumtima akuti, wakonza ichi, china wakonza n'chiti? Satifiketi ikhoza kukhala yeniyeni ndithu, koma kukayika kwalowa kale, ndipo anthu awiri akafanana mapointi, wokayikiridwayo ndiye amatsala.

Komabe ngakhale zimenezi si zimene ndikanalemba ine. Nthawi zambiri fotokope ija imakhala yoipa moti palibe waona kanthu. Amene akudziwa za chipsera chofufutidwa m'chipinda monsemo ndi mnyamata yekhayo. Ndiye taganizani mmene akhalire pampando. Apendeketsa mutu kuti tsaya lija liloze kukhoma. Dzanja lizingopita kumaso. Bwana akatsegula fayilo, iye mtima uli phaphapha, funso lamudutsa, akuti, "Pepani bwana, mubwerezenso." Ntchito yake ndi yolandira anthu, ndipo papepala la mapointi pali mzere wa mmene munthu akuyankhulira ndi kudzigwira. Mayi uja, amene sanaone n'komwe chithunzicho, akulemba kuti sayang'ana anthu kumaso. Akumuthokoza mwaulemu, akuti tikuimbirani. Mnyamata akukwera minibasi ya ku Ndirande akukhulupirira kuti amugwira, chonsecho sanagwidwe.

Pali chinanso chimene nkhaniyi yachisiya osachikhudza, ndipo chimandinyansa. Sitolo ija inafuniranji chithunzi isanaone munthu? Chiphaso chidzabwera pa tsiku la intavyu, ndiye chithunzi cha pa kalata n'chosankhira nkhope basi. Mnyamata amene wakhala zaka zitatu akuona amene amaikidwa pa kauntala m'masitolo ena sanalote kuti chipsera chingamulepheretse, anaziona. Sindikuti anachita bwino kufufuta. Ndikuti wolemba akapatsa mabwanawo mwayi woseka, ndiye kuti waweruza mlandu mbali imodzi, oyambitsa nkhani atuluka manja ali oyera.

Nditamufotokozera zonsezi, mwana wa achemwaliyu anakhala chete tsiku lathunthu. Kenako analemba kuti, "Amalume, ndamva, koma funso la mayi lija sindichotsa, anthu akulikonda." Tagwirizana kuti likhalebe, koma lisatuluke pakamwa pa mayiyo. Mnyamata azilimva m'mutu mwake ali pa benchi panja, akudikira kuti aitane dzina lake.