Inu a ku Joni, maso munawasiya pa Mwanza?

Loweruka lapitali ndinaperekeza mlamu wanga pa Chitakale kukalandira katundu amene mwana wake watumiza kuchokera ku Joni. Mwezi wathunthu mayiyu wakhala akuonetsa anthu chithunzi cha sola ya mawati 200, ati mdima watha pakhomo. Titatsegula katoni tinapeza kasola kongolingana ndi lichero, galasi lake long'aluka pakona, ndipo kumbuyo atamata pepala latsopano pamwamba pa lakale. Mayi anangokhala pansi, mawu osatuluka.

Tinamuimbira mnyamatayo. Akuti anaiona pa Facebook, analipira R1,800, n'kuuza wogulitsa kuti akasiye yekha katoniyo kwa transipota. Iye sanaikhudze n'komwe! Ndalama zimenezo mumatola pansi kodi? Si inu nomwe mumatidandaulira kuti mukugona asanu m'chipinda chimodzi?

Chithunzi chija ndinachiyang'ana ndekha. Sola yowala mbee, kumbuyo koyera ngati ya m'buku, palibe munthu, palibe khoma, palibe chilichonse choti uyerekezere kukula kwake. Chithunzi chotere aliyense angachibe. Sola ya mawati 200 si kanthu koyenda nako m'khwapa, kutalika kwake kumapitirira mita. Chinamuvuta n'chiyani kunena kuti, "Imirirani pambali pake, mugwire pepala lolembapo dzina langa ndi tsiku la lero"? Chinamuvuta n'chiyani kuimba foni ya vidiyo pa WhatsApp kuti amutembenuzire, awerenge yekha nambala ya mawati yolembedwa pa Pmax, aone ngati pepalalo silinamatidwe kawiri? Mafoni odula muli nawo, koma ngakhale kuponya chithunzicho mu Google Lens kuti muone ngati sichikupezeka kwa ogulitsa ena khumi, ulesi. Mukagula mbuzi pa Chinakanaka simuigwira kaye m'nthitimu?

Nanga wogulitsayo? Tsamba lake analitsegula mwezi watha, nkhope yake palibe, pali chithunzi cha galimoto basi. Dzina la pa Facebook lina, la pa akaunti ya banki lina. Shopu ili kuti? Ati akusamuka. Tikumane? Ati watanganidwa, ingotumizani msanga chifukwa ena akuifuna. Zonsezi mwana wathu anaziona, koma analipirabe. Lero nambala ya wogulitsa uja sikupezeka.

Mukuganiza kuti katundu akadutsa pa Mwanza adzabwereranso? Mayi anu akamudandaulire ndani, transipota? Iye ananyamula zimene anapatsidwa, ndipo zake analandira kale. Batire lotupa m'katoni yokongola lidzakuotcherani nyumba muli makolo anu. Foni imene simunaone ikuyaka, osafananiza n'komwe nambala yotuluka mukaimba `*#06#` ndi ya pabokosi, mwina ndi yakuba, ndipo amene adzagwidwe nayo ndi mlongo wanu, osati inu.

Mlamu wanga wabisa kasola kaja kunsi kwa bedi chifukwa cha manyazi, ndipo akuunikirabe tochi. Lekani kutichititsa manyazi, ana inu.