“3 peresenti pa mwezi, fulati”: werengani kawiri musanasaine

Maganizo anga ndi akuti wobwereketsa ndalama aliyense wotchula chiwongoladzanja cha fulati ayenera kuuzanso wokongola mtengo weniweni wa ngongoleyo pa chaka. Nambala ya fulati payokha si bodza ayi. Vuto lake ndi loti imawerengedwa pa ndalama zimene mulibenso m'manja, ndipo ambiri amasaina fomu asanazindikire zimenezi.

Tiyeni titenge ngongole imodzi ndi kuitsatira mpaka kumapeto. Mayi wogulitsa kaunjika akukongola K600,000, yobweza pa miyezi 12. Kalaliki akumuuza kuti chiwongoladzanja ndi 3 peresenti pa mwezi, fulati. Akudina kakyuleta n'kumutembenuzira kuti aone yekha: 3 peresenti ya K600,000 ndi K18,000, pa miyezi 12 ndi K216,000. Zonse pamodzi K816,000, ndiye kuti K68,000 mwezi uliwonse. Mayi uja akuwerengera m'mutu kuti 3 kuchulukitsa ndi 12 ndi 36 peresenti pa chaka, n'kuona ngati bola pamenepa.

Tsono yang'anani m'kati mwa K68,000 ija. K50,000 ndi yobweza ngongole yeniyeniyo, K18,000 ndi chiwongoladzanja. Mwezi woyamba mayiyu ali nayodi K600,000 yonse, choncho K18,000 ndi 3 peresenti ndithu. Akalipira kamodzi, ndalama za eni ake zimene wasunga zatsala K550,000, koma chiwongoladzanja chikadali K18,000. Pofika mwezi wa 7 watsala ndi K300,000, theka lokha, ndipo K18,000 yomweyo tsopano ndi 6 peresenti. Mwezi womaliza ndiwo umandipweteka mtima: watsala ndi K50,000 yokha, koma akulipirabe K18,000, yomwe ndi 36 peresenti pa mwezi umodzi.

Zili ngati kuchita lendi nyumba ya zipinda 12, mwezi uliwonse n'kumabweza kiyi wa chipinda chimodzi kwa mwini nyumba, iye n'kulowetsamo munthu wina, koma inu n'kumalipirabe lendi ya nyumba yonse mpaka chaka chithe. Ndi zimenedi zimachitika, chifukwa K50,000 imene mwabweza siigona m'kabati. Amakongozanso wina, nayenso n'kumailipirira chiwongoladzanja.

Mukaphatikiza ndalama zimene mayiyu anali nazo mwezi ndi mwezi, 600,000, 550,000, 500,000 mpaka 50,000, n'kugawa ndi 12, mupeza K325,000. Imeneyo ndiyo ngongole imene anakhala nayo chaka chonse tikafananitsa miyezi, kungopitirira theka pang'ono. Walipira K216,000 pogwiritsa ntchito K325,000. N'chifukwa chake pa ngongole yobweza pang'onopang'ono, mtengo weniweni umayandikira kuwirikiza kawiri nambala ya fulati. Pa ngongole imeneyi, kuwerengera bwinobwino kumapereka pafupifupi 5.1 peresenti pa mwezi, kapena 61 peresenti pa chaka. Osati 36.

Njira ina yowerengera ndi yoika chiwongoladzanja pa ngongole yotsala yokha. Ndi 3 peresenti yomweyo, mwezi woyamba ndi K18,000, wachiwiri K16,500, wachitatu K15,000, kumangotsika mpaka K1,500 mwezi womaliza. Zonse zimakwana K117,000. Fulati inali K216,000. Kusiyana kwake ndi K99,000, pa ndalama yofanana, miyezi yofanana, peresenti yofanana pa pepala. Kwa munthu wa pamsika imeneyo si ndalama yongoitaya.

Apa mpamene anthu amasankhira molakwika. Tinene kuti malo ena akuuzani 45 peresenti pa chaka yowerengera pa ngongole yotsala, ena akuuzani 3 peresenti pa mwezi ya fulati. Khutu limamva 45 ndi 36, miyendo n'kulunjika kwa 36. Koma 45 pa chaka ndi 3.75 pa mwezi, ndipo mukamabweza K50,000 yomweyo pa mwezi, chiwongoladzanja chonse chimakhala K146,250. Amene akuoneka wodula uja ndi wotsika ndi pafupifupi K70,000.

Nkhani sikuthera pomwepo, chifukwa kawirikawiri K600,000 yonse siifika m'manja. Tinene kuti akudula 5 peresenti yokonzera mapepala, K30,000. Mayi uja akutuluka ndi K570,000, koma chiwongoladzanja chawerengedwa pa K600,000 ndipo K68,000 ya pa mwezi siisintha. Pamenepo mtengo weniweni wafika 6 peresenti pa mwezi, 72 pa chaka, ndendende kawiri ya 36 imene anamva pa desiki paja. Akadulanso ya inshuwaransi, kapena akamuuza kuti asiye gawo lina mu akaunti ngati chikole mpaka ngongole ithe, nambalayo imakweranso, popeza ndalama yotsekeredwayo sangaodere nayo katundu.

Mungathe kudzionera nokha pa foni kapena pa kompyuta, mu Excel kapena Google Sheets. Mukufunika nambala zitatu zokha: kuchuluka kwa miyezi, ndalama yolipira pa mwezi, ndi ndalama imene mwalandira m'manja, osati yolembedwa pa fomu.

```
=RATE(12,-68000,570000)*12
```

Yankho likhala pafupifupi 0.72, kapena 72%. Samalani chizindikiro chochotsera kutsogolo kwa 68000, chifukwa mukachiiwala yankho silituluka bwino. Ngati mukulipira sabata iliyonse, lembani kuchuluka kwa masabata m'malo mwa miyezi, ndalama ya pa sabata m'malo mwa ya pa mwezi, ndipo kumapeto chulukitsani ndi 52. Ngongole za pa sabata ndizo zimaluma kwambiri, chifukwa mumayamba kubweza katundu asanagulidwe n'komwe.

Ndinenenso chilungamo apa. Fulati siinamiza nthawi zonse. Ngati mlimi wakongola K600,000 nthawi yodzala, n'kukhala nayo yonse mpaka atakolola, n'kubweza zonse kamodzi pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndiye kuti 3 peresenti pa mwezi yawerengedwa pa ndalama imene analidi nayo. Kusiyana kumabwera pokhapokha pamene mukubweza pang'onopang'ono. Ndipo obwereketsa amati fulati ndi yosavuta kumva, aliyense amadziwa ndalama yake ya pa mwezi. N'zoona, koma ngongole yowerengera pa zotsala nayonso angathe kuikonza kuti muzilipira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi. Choncho kuphweka si chifukwa chokwanira chobisira nambala yeniyeni.

Kuti mudziwe mtundu wa ngongole imene akukupatsani, pemphani pepala losonyeza malipiro a mwezi uliwonse musanasaine, ndipo yang'anani mzere wa chiwongoladzanja. Ngati nambala ndi imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, imeneyo ndi fulati. Ngati ikutsika, n'kutheka kuti akuwerengera pa zotsala, komabe phatikizani mzere wonsewo. Mukapeza K216,000 pa ngongole yathu ija, ndi fulati yomweyo, angoigawa mwa njira ina.

Funso lina limene ambiri safunsa ndi ili: “Nanga ndikafuna kumaliza msanga, ndidzalipira zingati?” Mayi uja akalipira miyezi 6 amakhala atapereka K408,000, ndipo pa pepala pamatsala K408,000 ina. M'kati mwake, K300,000 ndi ngongole yeniyeni, K108,000 ndi chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike. Ena amachotsako chiwongoladzanjacho, ena amafuna yonse ngakhale mutabweza ndalama zawo lero. Yankho la kalaliki la pakamwa silikwanira. Muuzeni akusonyezeni mzere wake mu mgwirizano, ndipo ngati mulibe, aulembe inu musanagwire cholembera.