Mawu apakamwa a womwalira sathetsa mkangano wa maliro

"Zofuna za womwalira zikalemekezedwa, mkangano sungakhalepo."

Alembi, mfundo imeneyi mwaipeputsa kwambiri, chifukwa nthawi zambiri chimene abale amakanganirana ndi zofuna zomwezo. Loya wa ku Kenya, S.M. Otieno, atamwalira mu Disembala 1986, mkazi wake Wambui ananena kuti malemuyo ankafuna kuikidwa pamunda wawo pafupi ndi Nairobi, pomwe mchimwene wa malemuyo pamodzi ndi a fuko la Umira Kager ankati ankafuna kukagona kwawo ku Nyalgunga. Mbali zonse ziwiri zinabweretsa mboni zomwe zinalumbira kuti zinamva mawuwo kuchokera pakamwa pake, ndipo thupi linakhala m'nyumba yachisoni miyezi isanu mpaka khoti la apilo linagamula mu Meyi 1987 kuti atsatire mwambo wa fuko lake.

Choncho anzanga owerenga, kulemba n'kofunika, koma musadalire wilo yokha. Wilo kawirikawiri imatsegulidwa maliro ataikidwa kale, ndiponso m'mayiko ambiri zimene imanena zokhudza manda sizimanga abale mwalamulo ngati mmene imachitira pa chuma. Lembani kalata yapadera, muisaine pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri za banja, ndipo mbali iliyonse isunge kope lake.