Chenjezo kwa inu ogula galimoto dzuwa litapendeka

Ana inu, munayamba liti kugula galimoto ngati tomato wa pamsewu? Sabata yatha mwana wa mlongo wanga anafika pakhomo ndi Sienta yoyera mbee, ati "amalume, taonani kuwala kwake." Anaigula madzulo, itangotsukidwa kumene, dobadoba akumuthamangitsa kuti pali winanso akuifuna. Chomwe anayesa ndi wailesi basi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere!

Ndinamuuza kuti ayendetse chala mumpata wa pakati pa boneti ndi fenda, chitsulo cha pamwamba pa tayala lakutsogolo. Kufakitale mpata umenewu umakhala wa mamilimita 3 mpaka 5, wofanana kumanja ndi kumanzere. Kumanja kunali bwino. Kumanzere unayamba wothina kufupi ndi galasi, pofika panyale nsonga ya chala n'kumalowa. Titatsegula boneti, mitu ya mabawuti a fendayo inali yosupuka penti, kusonyeza kuti sipanala inadutsapo.

M'mawa tinaitulutsa padzuwa, ine n'kunjuta chakumbuyo kuyang'ana mbali yonse mopendeketsa. Chitseko chakutsogolo chinali choyera kwambiri kuposa chinzake, ndipo pamphira ya zenera panali timadontho ta penti. Kufakitale amapopera penti asanaike mphira. Maginito okulunga m'kansalu ankamata paliponse, koma m'munsi mwa chitsekocho anagwa, chifukwa pansi pa pentiyo owongola galimoto anapakapo phala lochindikala. Pabampala musavutike ndi maginito, n'lapulasitiki, ndipo mtundu wake umasiyanako pang'ono ngakhale pagalimoto yosagundapo.

Zikanathera pamenepa sindikanakalipa. Fenda ndi chitseko n'zomanga ndi mabawuti, mumangotsitsa mtengo n'kugula. Chimene chinandiumitsa thupi chinali kuseri kwa mphira yozungulira khomo la galimoto. Ikokeni pang'ono, siduka, imabwerera m'malo mwake. Pamphepete pachitsulopo payenera kuoneka timaenje tozungulira, tosalala, totalikirana mofanana, mmene makina amawotcherera. Pamzati wogwira chitsekocho timaenjeto tinatha mwadzidzidzi, m'malo mwake panali mzere wa zotupatupa wopalidwa ndi galainda, dzimbiri litayamba kale kutuluka.

Mzati umenewo ndi chitsulo cholimba mwapadera, ndiwo umakana kuti galimoto isakupindikireni pangozi. Ukawotchedwa ndi moto wa gasi n'kuukoka umafooka, ndipo poulumikizapo ndi pomwe pamadzang'ambika. Inu mukufuna kukwezamo mkazi ndi ana kupita kumudzi pamsewu wa M1, usiku, mukupishana ndi mathiraki?

Osaiwala kuchotsa tayala lapadera m'buti. Pansi pake pakakhala makwinya kapena zomatira zopaka ndi chala, kumbuyonso inamenyedwa. Ya mnyamata wangayu kumeneko kunalibe vuto.

Ataimbira wogulitsa uja, yankho linali loti "munaiona nokha, bwana." Kuimbanso kachiwiri foni inali yothima.