Anyamata inu, loko wa mfuti asakupusitseni

Mawu amene ndatopa nawo ndi awa: "Musaope madala, ili pa loko." Mnyamata akunena choncho mfuti ataloza m'mimba mwa mnzake, chala chili pachowombera, mano onse pamtunda. Iwe, udatsegula m'kati mwa mfutiyo n'kuona chimene lokoyo wagwira?

Mvetserani. Pa mfuti zambiri za chifefe, kabatani kokankha cham'mbali kaja kamangotchinga chowombera kuti chisabwerere m'mbuyo. Basi. Kanyundo ka m'kati kamakhala kali chikokere, sipuling'i ili yokungika, chipolopolo chili pamalo pake. Zitsulo zogwirana m'katimo zikaperepeseka kapena zikadzaza dzimbiri, mfuti itatsamira pakhoma n'kugwa pasimenti ikhoza kulira, kabatani kali pomwe mudakasiya. Nanga kabataniko kamasuntha ndi chala chokha ngati? Lamba amakakhudza, nthambi kutchire imakakankha, inu osadziwa. Mu 2014 kampani ya Remington ku America idaitanitsa mfuti zake zambiri za mtundu wa Model 700 kuti zikakonzedwe, chifukwa zina zikadatha kulira popanda wokhudza chowombera. Eni ake opanga adavomera kuti chitsulo chimalakwa, koma inu mukuchikhulupirira kuposa iwo.

Pisito yakale ya Colt, imene asilikali a ku America adayamba kugwiritsa ntchito mu 1911, ili ndi loko wina kumsana kwa chogwirira. Dzanja likapanda kufumbata, chowombera sichiyenda. Nzeru yabwino ndithu, koma taganizani: ndi liti pamene munthu amaloza mnzake mfuti asanaifumbate? Mukangoigwira mwamasula kale lokoyo. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akaipeza pansi pa pilo n'kuigwira ndi manja awiri, naye akhoza kumasula.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi pisito za makono monga Glock ya ku Austria, imene idatuluka mu 1982. Imeneyi ilibe kabatani koti mutseke ndi chala chachikulu. Loko wake wakunja ndi kalilime kakang'ono kali pakati pa chowombera penipeni. Ntchito ya kalilimeko, pamodzi ndi zitsulo zina ziwiri za m'kati, ndi yoti mfuti isalire ikagwa kapena ikagundidwa. Kalilimeko sikadziwa kusiyanitsa chala cha munthu ndi chinthu china. Chingwe cha jekete kapena mpendero wa malaya ukalowa m'bowo la chowombera pamene mukukankhira mfuti m'thumba lake la m'chiuno, kalilime kapanikizika, chowombera chibwerera. Mphamvu yofunika ndi ya makilogalamu awiri ndi theka okha, pang'ono kuposa mapaketi awiri a shuga. Chipolopolo chitsikira m'ntchafu mwanu, momwe mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo munthu akhoza kutha magazi galimoto isanapezeke. N'chifukwa chake timati pobweza mfuti m'thumba yang'anani ndi maso, chotsani nsalu, ndipo mukamva kulimba musakakamize. Mukuthamangira kuti? Mfuti sithawa.

Tsono taonani mmene ambiri amadzipwetekera potsuka. Munthu wafika kunyumba, wakhala pamphasa, akuti achotse zipolopolo. Wayamba ndi kukoka chitsulo chotsetsereka chapamwamba pa pisito, chipolopolo chimodzi chadumpha n'kugwa pansi. Wasiya chitsulocho chabwerera, kenaka wazula magazini, kabokosi kosungiramo zipolopolo. Mtima wake mbee, akuti mfuti ilibe kanthu. Wayiwala kuti pamene chitsulo chija chimabwerera magazini inali ikadali m'kati, ndiye chatola chipolopolo china n'kuchilowetsa mumpope. Ndipo Glock kuti muimasule muitsuke, pamafunika kukoka chowombera. Wakoka ndi chala chake, mwadala, maloko onse atatu amvera monga adapangidwira. Kuseri kwa chitseko chimene mpope walozako kuli mkazi wake akupeta mpunga. Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma apa nkhwangwayo yagwera wina wosalakwa.

Dongosolo lake silisintha, ana inu. Mpope uloze kumene kulibe munthu, ndipo musaiwale kuti chitseko cha matabwa kapena lata siziimitsa chipolopolo. Chala chikhale chowongoka m'mbali mwa mfuti, kunja kwa bowo la chowombera. Zulani magazini poyamba, iikeni patali. Mukatero kokani chitsulo chapamwamba kawiri kapena katatu, chikoleni chikhale chotsegula, suzumirani mumpope pamalo powala, pisaninso kachala kakang'ono kuti mumve ngati mulibedi kanthu. Mnzanu akakupatsani mfuti n'kunena kuti wachotsa kale, mubwereze zonsezi iye akuona, ngakhale akhale mkulu wanu pantchito, ngakhale akwiye.